Mphindi 210 za madyerero: momwe timayalira nthawi ya tsiku la ukwati

Pafupifupi ukwati uliwonse wa m'tauni masiku ano umakhala ndi pepala la ndondomeko. Limasindikizidwa bwino, pamwamba pali chithunzi cha akwati, m'munsimu mwandandalikidwa zochitika: pemphero, kulowa kwa akwati, perekani-perekani, mawu a makolo, kudula keke, kuthokoza, kutseka. Kawirikawiri pepala lotere limangotchula nthawi ziwiri, yoyambira ndi yothera. Zomwe zili pakatipo sizinapatsidwe mphindi, ndipo n'chifukwa chake mumapeza keke ikudulidwa kunja kutayamba kuda, theka la mipando lili lokhalokha, mwini holo waima pakhomo ndi makiyi m'manja.

Ndakhala m'makomiti a maukwati kwa zaka zingapo, ndipo ntchito yomwe anzanga amakonda kundisenzetsa ndi yosunga nthawi. Zomwe ndilembe panozi ndazitenga pa ukwati wina womwe tidayendetsa ku Lilongwe Loweruka lina la mu Okutobala. Mayina ndawasiya, koma mphindi zake ndi zomwe zidali pa pepala lathu. Ukwatiwo udali wa mtundu womwe ambirife timaudziwa: kudalitsa ku tchalitchi cha CCAP m'mawa, zithunzi, nkhomaliro ya operekeza, kenako madyerero mu holo masana, alendo pafupifupi 300, akuchimuna ochokera ku Mchinji ndipo akuchikazi ku Dedza.

Ndondomeko ya nthawi imayambira ku mapeto. Komiti isanakambe zoti abusa ayamba nthawi yanji, iyenera kugwirizana zoti munthu wotsiriza atuluka mu holo nthawi yanji, ndipo nthawi imeneyo saisankha ndi mtima. Amaisankhira ndi dzuwa, mwini holo ndi mtunda wa alendo. Ku Lilongwe dzuwa limalowa cha m'ma 5:25 mu Juni, cha m'ma 5:45 mu Okutobala, ndipo likangolowa mdima suchedwa. Wa ku Mchinji ali ndi makilomita oposa 100 oti ayende, wa ku Dedza oposa 80, ndipo ambiri mwa iwowa ndi akuluakulu omwe abwera pa minibasi ya hayala yomwe dalaivala wake adauzidwa nthawi yobwerera. A m'tauni momwemo nawonso amafuna kukwera kukadali kowala, poti kukada minibasi zimasowa ndipo akabaza amakweza mtengo. Anthu amenewa sadikira kuti emusi awamasule. Ikamakwana 4:30 amayamba kudzuka awiriawiri, ndipo chilichonse chomwe mwachisiyira nthawi imeneyo chimachitikira mipando.

Ife tidagwirizana zotseka 5 koloko. Mgwirizano wathu ndi mwini holo udali wofika 6 koloko, ndipo ola lotsalalo lidali la omasula zokongoletsa, osonkhanitsa mipando ndi akeshiya. Kuyamba tidati 1:30. Kuchoka 1:30 kufika 5:00 ndi mphindi 210. Nambala imeneyi ndidailemba ndi zilembo zikuluzikulu pamwamba pa pepala pa msonkhano wa komiti, chifukwa ili ngati nsalu yomwe mwapita nayo kwa telala: mutha kukambirana za sitayilo mpaka madzulo, koma mamita ake ndi omwewo.

Tisanalowe mu holo, tibwerere kaye m'mawa, poti maukwati ambiri amachedwa tambala asanalire kachitatu. Kuti madyerero ayambe 1:30, akwati ndi operekeza ayenera kukhala ali pa geti la holo 1:15. Kuchokera pamenepo timawerenga chobwerera. Ulendo wochokera kodyera ndi mphindi 15, ndiye kuti kunyamuka ndi 1:00. Kudya ndi kukonzanso nkhope tidapatsa mphindi 40, kuyambira 12:20. Zithunzi za kumalo a maluwa zidatenga mphindi 40, kuyambira 11:25 mpaka 12:05, ndipo mphindi 15 zotsatirazo zidali za pamsewu. Mapemphero adayamba 9 koloko n'kutha 10:30, kenako mphindi 25 za zithunzi pakhomo pa tchalitchi, mphindi 10 zokwera magalimoto ndi mphindi 20 za ulendo.

Mphindi 10 zokwera magalimotozo anthu ena adaziseka, koma ndi zenizeni. Mdipiti wa galimoto 5 sunyamuka ngati munthu mmodzi. Wina wapita kuchimbudzi, mwana wonyamula maluwa wavula nsapato, velo iyenera kupindidwa bwino kuti isapanidwe ndi chitseko, dalaivala wina watsekeredwa ndi galimoto ya munthu yemwe akucheza kuseri kwa tchalitchi. Ndiponso mdipiti umayenda pang'onopang'ono kuposa galimoto imodzi. Njira yomwe inu mumayenda mphindi 12 pa tsiku wamba muilembere 20, makamaka ngati ikudutsa pamalo podzaza ngati kufupi ndi msika Loweruka masana. Ndi bwino munthu mmodzi wa komiti ayende njira yonseyo Loweruka lina lisanafike la ukwati, pa nthawi yomweyomweyo, wotchi ili pamkono.

Zithunzi za pa tchalitchi zimatha mu mphindi 25 pokhapokha wojambula akhale ndi mndandanda wolembedwa komanso munthu woitana mayina yemwe amadziwa nkhope za mbali zonse ziwiri. Ife tidalemba magulu 10: akwati ndi abusa, ndi ankhoswe, ndi makolo akuchimuna, ndi makolo akuchikazi, ndi agogo, choncho mpaka kumapeto. Gulu lina likamajambulidwa, lotsatira limakhala litaima kale pambali. Popanda mndandanda, aliyense wokhala ndi foni amakhala wojambula, ndipo akwati amaima padzuwa la Okutobala mpaka phoda kusungunuka.

Koma pomwe pamabisala mphindi zambiri ndi kophoda. Mtsikana mmodzi woperekeza amatenga mphindi pafupifupi 25, mkwatibwi ola lathunthu. Ife tidali ndi atsikana 8. Mukawerenga, 8 kuchulukitsa ndi 25 ndi mphindi 200, kuphatikiza 60 za mkwatibwi, zonse 260, omwe ndi maola 4 ndi mphindi 20. Kuti onse akhale atatha 7:30, ayambe kuvala n'kunyamuka 8:10 ndi kufika ku tchalitchi 8:40, wophoda mmodzi akadayenera kuyamba 3:10 usiku. Palibe amachita zimenezo. Amabwera 5:30, n'kumalonjeza kuti "musadandaule, ndimafulumira", ndipo mkwatibwi amalowa m'tchalitchi 10 koloko. Tidalipira ophoda awiri. Wina adatenga atsikana 5, winayo atsikana 3 ndi mkwatibwi, onse kuyamba 5 koloko, ndipo pofika 7:15 adali atatsiriza. Tsitsi lonse lidakonzedwa Lachisanu. Mafuta a m'magalimoto adathiridwanso Lachisanu, ndipo maliboni ndi maluwa a pa galimoto adamangidwa 6:30, kunyumba komwe galimotozo zidagona.

Chinthu chimodzi chokha cha m'mawa chomwe komiti singachilamule ndi mapemphero. Abusa sauzidwa kutalika kwa ulaliki. Chomwe mungachite ndi kupita kwa iwo kapena kwa mlembi wa mpingo masiku akadalipo, n'kufunsa mwaulemu zinthu zitatu: kodi tsikulo kuli maukwati angati odalitsidwa limodzi, makwaya oimba ndi angati, ndipo kusainira mtchatho kumachitika mkati mwa mapemphero kapena atatha. Mukamva kuti maukwati ndi atatu, onjezani theka la ola pa pepala lanu, n'kuchotsa nthawiyo ku zithunzi za kumaluwa. Kwa Akatolika, ukwati wa pa Misa muusiyire nthawi yokwanira Misa yathunthu, osati malumbiro okha.

Tsopano tilowe mu holo. Pepala lomwe lidali m'manja mwa emusi, dije, akeshiya ndi ine lidali lotere:

1:30 pemphero ndi kulandira alendo, mphindi 5
1:35 kulowa kwa makolo a mbali zonse ziwiri, 10
1:45 kulowa kwa operekeza ndi akwati, 20
2:05 perekani gawo loyamba, 40
2:45 mawu a makolo, 10
2:55 perekani gawo lachiwiri, 45
3:40 mpata, 10
3:50 kudula keke ndi kupereka kwa makolo, 15
4:05 kugulitsa keke, 15
4:20 mphatso zokulunga, 10
4:30 mpata, 10
4:40 tcheyamani, kuthokoza ndi pemphero, 10
4:50 kutuluka, 10

Mukaphatikiza mupeza 210. Pa mphindi zimenezi, 85 ndi za perekani, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pomwe maukwati athu amasiyanira ndi mapepala awo.

Pa pepala losindikiza lija, perekani ndi mzere umodzi. Mu holo, perekani ndi magulu ambirimbiri, ndipo gulu lililonse lili ndi magawo anayi. Emusi amaitana ndipo dije amasaka nyimbo: mphindi imodzi. Anthu amadzuka, kudutsa pakati pa mipando, ena kukhotera kaye ku tebulo la akeshiya: mphindi ina. Kuvina ndi kufupa kwenikweni: mphindi 3. Kubwerera kukakhala pomwe otola ndalama akuyeretsa pansi: mphindi 2. Zonse ndi 7, ndipo kumeneko ndi kuyenda bwino. Anthu akamayerekeza m'mutu amangowerenga zitatu za kuvinazo, n'kuiwala zinayi zinazo.

Pa msonkhano wa komiti, titafunsa magulu oti aitanidwe, mndandanda udafika 19. Padali akuntchito kwa mkwati, akuntchito kwa mkwatibwi, akuntchito kwa bambo a mkwati, amayi a Chigwirizano, kwaya ya achinyamata, aneba a mbali iyi ndi a mbali iyo, anzawo a ku sekondale, a ku koleji, amayi a banki m'khonde, ndi ena otero. Aliyense wotchula gulu adali ndi chifukwa chomveka. Ndidangotenga cholembera n'kuchulukitsa 19 ndi 7 pamaso pa onse: mphindi 133. Pamenepo n'kuti magulu a abale, omwe satha mu mphindi 7, tawawerengera mofanana ndi ena onse. Pa mphindi 210 zikadatsala 77 zoti tilowetsemo akwati, makolo alankhule, keke idulidwe ndi kugulitsidwa, mphatso zilandiridwe, tipemphere. Mayi wina wa m'komitimo adati, "Koma bambo, anthu abwera kudzafupa, tiwakanize?" Funso lawo lidali loona, ndipo yankho lake silidali kukaniza munthu. Lidali kuphatikiza.

Gawo loyamba tidalisiyira magulu anayi omwe sasakanizidwa ndi ena. Loyamba ndi la holo yonse kufupa akwati atangokhala, mphindi 10. Kenako makolo ndi abale akuchimuna, mphindi 12. Makolo ndi abale akuchikazi, 12. Ankhoswe a mbali zonse, 6. Manambala 12 awiriwo ayenera kufanana ndendende. Mbali ina ikavina mphindi 15 ndipo ina n'kudulidwa pa 8, nkhaniyo imakafika kumudzi usiku womwewo ndipo imakambidwabe mwana woyamba atabadwa.

Gawo lachiwiri tidalipatsa magulu 6 a mphindi 7, ndi mphindi 3 zapadera. Onse akuntchito, kaya kwa mkwati, kwa mkwatibwi kapena kwa makolo, adaitanidwa limodzi, koma kutsogolo kudaima anthu awiri ndi mabeseni awiri, kuti aliyense aponye ku mbali yake. Izi zidabweretsa mpikisano wabwino, ndipo emusi adaugwiritsa ntchito: "Kumanja kukulemera, kumanzere muli kuti?" A mpingo onse, amayi a Chigwirizano, madoda ndi achinyamata, adalowa pa nyimbo imodzi yauzimu. Aneba onse pamodzi. Anzawo a kusukulu onse pamodzi. Amayi a banki m'khonde ndi anzawo a amayi a mkwatibwi pamodzi. Gulu lotsiriza lidali la aliyense yemwe sadamve dzina la gulu lake. Chomwe chidathandiza kuti pasakhale wodandaula n'chakuti emusi adatchula dzina la kagulu kalikonse poitana. Zomwe anthu amafuna kwambiri ndi kumveka kuti adabwera, ndipo zimenezo zimatenga masekondi, osati mphindi 7.

Ena amaopa kuti kufupikitsa perekani kumachepetsa ndalama. Ine ndaima pafupi ndi mabeseni nthawi zambiri ndipo ndaona kuti ndalama ya gulu imagwa m'mphindi zitatu zoyambirira. Zikatha zimenezo anthu amakhala akungovina manja ali lende, kapena akuponya tindalama tomwe atsala nato kuti asaoneke atayima. Munthu amabwera ndi ndalama yomwe adakonza kunyumba. Mukamuitana kasanu amaigawa kasanu. Chomwe chimachepetsa ndalama kwenikweni ndi kuchedwa, poti gulu loitanidwa 4:45 limapeza theka la anthu ake ali pa siteji ya minibasi. N'chifukwa chake magulu onse tidawaika pakati pa 2:05 ndi 3:40, nthawi yomwe holo imakhala yodzaza.

Tebulo la akeshiya limatha kupha ndondomeko yonse mwakachetechete. Munthu wabwera ndi K5,000 imodzi, ndipo sakufuna kuiponya kamodzi. Akufuna aisinthe ikhale ya ma K500 kapena ma K200 kuti avine nayo nyimbo yonse. Akeshiya ambiri amadalira ndalama zomwe zikufupidwazo kuti azisinthira anthu. Ndiye kumayambiriro m'beseni mulibe kanthu, mzere umatalika, emusi akuitana koma anthu ali pa tebulo, nyimbo ikubwerezedwa kachitatu. Ife tidatenga ndalama zing'onozing'ono sabata yomweyo kuchokera ku thumba la komiti, zidalembedwa m'kope kuti zidzachotsedwe powerengera, ndipo matebulo osinthira adali awiri, lina pafupi ndi khomo lolowera. Wosintha adasintha akulowa, 1:30 isanakwane. Otola ndalama adali anayi, awiri mbali iyi awiri mbali iyo, ndipo adauzidwa kuti azitola nyimbo ikadali mkati, osadikira kuti anthu akhale pansi.

Dije naye adalandira mndandanda wa nyimbo Lachinayi, gulu lililonse ndi nyimbo yake, atazisanja motsatana. Mphindi zomwe zimatayika pomwe mayi wina waima kutsogolo n'kunena kuti "iyi ayi, ndikufuna ija" sizioneka zambiri, koma zikachitika kasanu ndi kamodzi mwataya kotala la ola. Amene ali ndi nyimbo yakumtima anene sabata ikadalipo.

Kulowa kwa operekeza ndi malo ena ofunika kuyeza ndi wotchi. Achinyamata aphunzira masitepe kwa mwezi wathunthu ndipo ndi bwino awaonetse, koma pokonzekera amavinira pabwalo laling'ono, pomwe holo ndi yaitali. Sitepe yopita patsogolo kawiri n'kubwerera kamodzi imatha kudya mphindi 25 pa mtunda woyenda masekondi 40. Ndidapita kokonzekera kwawo kotsiriza, tidayeza kutalika kwa njira ya mu holo ndi mapazi, n'kuwavinitsa mtunda womwewo ndikuyang'ana wotchi. Zidakwana mphindi 19. Tidagwirizana ndi wowaphunzitsa kuti achotse nyimbo imodzi ndipo azilowa mapeyala awiri nthawi imodzi, zidatsika kufika 12. Mphindi 8 zotsalazo zidali za akwati okha, ndipo zimenezo sindikadalola kuti zichepe.

Za mawu a makolo ndinene mosamala, chifukwa apa mphindi zimakumana ndi ulemu. Tidapereka mphindi 4 ku mbali iliyonse, ndi 2 zoyendera ndi kupatsirana maiki. Koma wosunga nthawi sangapite kwa amalume a mkwati n'kuwauza kuti "muli ndi mphindi zinayi". Si malo ake. Amene amanena zimenezi ndi ankhoswe, masiku akadalipo, pokhala pansi: "Amalume, mawu a banja adzalankhula ndinu. Malangizo aatali tidzawapereka madzulo kunyumba. Mu holo mudzangothokoza anthu ndi kulandira mwanayu." Munthu wamkulu akadziwa kuti ali ndi malo ena oti akayankhule mokwanira, sakakamira maiki. Chofunikanso n'chakuti wolankhula akhale mmodzi pa mbali, wodziwika dzina lake Loweruka lisanafike. Vuto limabwera pomwe emusi wanena kuti "akuchikazi, alipo woti alankhule?" ndipo adzuka atatu. Ndipo ngati tsikulo amalume apitirira ndi mphindi zitatu, asiyeni amalize. Mphindi zitatu zimabwezeka. Kudula mkulu pakamwa pagulu sikubwezeka.

Zimabwezeka chifukwa cha mizere iwiri ija yolembedwa kuti mpata. Mphindi 20 zimenezo sizinapatsidwe chochitika chilichonse, ndipo pa pepala logawira alendo sizidalembedwe n'komwe. Komiti imafuna kuzidzaza nthawi zonse: wina amati tiikepo ndakatulo, wina gule wa ana. Kanani. Ngati zonse zayenda bwino, pa mpata woyamba anthu amalandira zakumwa ndi zodyera, akwati amapuma, akeshiya amapeza nthawi yowerenga. Ngati mwatsalira, mpatawo umameza kutsalirako ndipo keke imadulidwabe 3:50. Ndimaika mpata pambuyo pa perekani chifukwa ndi pomwe kutsalira kumachokera, ndi wina kufupi ndi mapeto kuti pemphero lotsekera lisachitike mothamanga.

Wosunga nthawi asakhale emusi. Emusi ntchito yake ndi kutenthetsa holo, ndipo holo ikatentha iye amasangalala, saona wotchi. Emusi wabwino amafunanso munthu womuthandiza. Ine ndimakhala pampando wa kutsogolo chakumbali, pomwe emusi ndi dije akundiona onse, ndipo timagwirizana zizindikiro ziwiri zokha: zala ziwiri m'mwamba ndiye kuti zatsala mphindi ziwiri, dzanja pachifuwa ndiye kuti tsekani. Dije akaona dzanja pachifuwa amatsitsa nyimbo pang'onopang'ono, emusi n'kuyamba kuthokoza gululo. Alendo sadziwa kuti pali wina akuwerenga. Ulamuliro wa wosunga nthawi umachokera kwa tcheyamani, ndipo uyenera kunenedwa pa msonkhano wotsiriza, emusi ali pomwepo, kuti tsikulo aliyense wofuna kuwonjezera kanthu adzere kwa munthu mmodziyo. Apo ayi timapepala timayamba kuyenda kupita kwa emusi: uyu akufuna aimbe, uyu wabwera kuchokera ku Joni ndipo afupe payekha.

Simufunika kuyang'ana mzere uliwonse. Nthawi zitatu ndi zomwe zimakuuzani ngati muli bwino: kodi akwati akhala pansi pofika 2:05, kodi makolo atha kulankhula pofika 2:55, kodi mpeni uli pa keke pofika 3:50. Mukatsalira ndi mphindi 10 kapena kucheperapo, musachite kanthu, mpata ukonza. Mukatsalira ndi zoposa 20 pa nthawi yachiwiriyo, mipata yonse yatha kale, ndiye muyambe kudula, ndipo zodulazo zikhale zomwe akwati adavomereza kale. Pa pepala lathu zidalembedwa kuseri motsatana. Choyamba, mphatso zokulunga zilandiridwe pa tebulo la pakhomo n'kulembedwa m'kope, osaitana mmodzimmodzi: mphindi 10 zapulumuka. Chachiwiri, aneba ndi anzawo a kusukulu alowe limodzi: 7. Chachitatu, keke igulitsidwe ndi atsikana oyenda ndi mathireyi m'mizere pamtengo umodzi, m'malo moitanira anthu kutsogolo: pafupifupi 8. Zomwe sizidulidwa zidalembedwanso: ankhoswe, makolo, kupereka keke kwa makolo atagwada, ndi pemphero.

Tsikulo tidatsaliradi. Abale akuchikazi adafika mochedwa chifukwa minibasi yawo idaphulika tayala panjira, ndipo 1:30 itakwana mipando ya kutsogolo kumanzere idali yopanda anthu, kupatula makolo ndi ankhoswe omwe adagona m'tauni. Tcheyamani adandifunsa, "Achimwene, tidikire?" Tidawaimbira foni, tidamva kuti atsala ndi theka la ola, ndipo tidayamba. Chomwe tidasintha ndi dongosolo la mkati mwa gawo loyamba: ankhoswe adabwera patsogolo pa abale akuchikazi, ndipo pomwe dzina lawo limaitanidwa anthuwo n'kuti atakhala kale, atapukuta fumbi. Mawu a makolo adatha 3:03, kutsalira ndi mphindi 8. Amayi a mpingo adatenga mphindi 11 m'malo mwa 7, poti adayambitsa nyimbo yawoyawo dije atatsitsa yake, ndipo holo yonse idalandira. Pamenepo dzanja langa silidapite pachifuwa. Perekani adatha 3:52, keke idayamba 3:53, ndipo mpata wachiwiri udabweza zotsalazo. Kuseri kwa pepala sitidakugwiritse ntchito. Akwati adatuluka 4:56.

Kuyamba holo isanadzaze ndi chinthu chomwe makomiti ambiri amachiopa, ndipo ena amalemba 1 koloko pa khadi ali ndi 2 koloko mumtima. Ine sindigwirizana nazo. Alendo adazolowera kale kuwonjezera ola pa nthawi ya pa khadi, ndiye mukanama inu iwonso amawonjezera, ndipo wolangidwa ndi yemwe wasunga nthawi. Lembani nthawi yeniyeni, muilengezetse ku tchalitchi m'mawa kuti "madyerero ayamba 1:30 ndipo atha 5 koloko", uthenga womwewo upite pa magulu a WhatsApp a mbali zonse, kenako muyambedi. Mphindi 35 zoyambirira ndi za pemphero ndi kulowa, zomwe sizidalira kuchuluka kwa anthu. Okhawo oyenera kuwadikira ndi makolo ndi ankhoswe, ndipo amenewa apatsidwe galimoto yawo ndi munthu wowayang'anira kuyambira pa tchalitchi.

Ndondomeko yotereyi ili ndi malire ake. Idapangidwira ukwati wa mu holo yolipira, wa alendo 200 mpaka 400. Alendo akafika 600, gulu limodzi silingathe mu mphindi 7, chifukwa kungodutsa pakati pa mipando kumatenga nthawi. Muwerengere 10 ndipo magulu achepe. Ukwati wa kumudzi, komwe anthu amagona pomwepo ndipo ng'oma imalira mpaka usiku, uli ndi kayendedwe kake ndipo sufunika kuukakamiza kulowa m'mphindi 210, ngakhale kuti nawo umapindula mukaika zofunika kwambiri dzuwa likadalipo. Ukwati wa panja nthawi ya dzinja umafuna mpata wokulirapo. Magetsi nawo muwaganizire: jenereta ikhale italumikizidwa kale ndi kuyesedwa m'mawa, mafuta ali momwemo, munthu woiyatsa akudziwika. Ikakhala yokonzeka, kuzima kwa magetsi kumadya mphindi ziwiri; ikakhala m'galimoto kunja, kumadya makumi awiri.

Akeshiya amasiya kuwerengera za kulengeza 4:30, n'kupereka kapepala kwa tcheyamani 4:35, ndipo iye amanena kuti "mpaka pano tapeza zakuti", osadikira kuti ndalama yotsiriza iwerengedwe anthu atakhala. Kuwerenga komaliza kumachitika alendo atatuluka, pamaso pa munthu mmodzi wa mbali iliyonse, onse n'kusainira m'kope. Ola la 5 mpaka 6 nalo likhale ndi mayina pa pepala: wonyamula mphatso ndi galimoto yake, woperekeza ndalama, wowerenga mipando ndi mwini holo, wokweza agogo ndi alendo akutali, ndi wotengera akwati ndi ankhoswe kunyumba komwe kukachitikire malangizo. Ife malangizo tidawaika 6:30, kuti akwati apeze nthawi yosintha zovala ndi kudya asanakhale pamphasa.